Malata Makumi Anayi a M'chitini

Amuna anga anali munthu wosamala zinthu, ndipo ndikati wosamala ndikunena zoona. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, nsapato akavula ankazipukuta kaye asanakhale pansi. Anzanga amumsika wa Ndirande, kumene ndinkagulitsa nyemba, ankandichitira nsanje. Ati iwe unatola mwamuna, ife tinatola mavuto. Ine ndinkangoseka, osadziwa kuti kusamala komweko kudzatigwetsera nyumba.

Iwo ankagwira ntchito pafakitale ina ya ku Makata, ndipo tinkakhala nyumba ya lendi ku Ndirande, zipinda ziwiri, ife ndi ana atatu. Chimbudzi chinali chimodzi mabanja asanu. Maloto athu onse anali ku Machinjiri, kumene tinapeza kamalo m'mbali mwa phiri. Njerwa tinaumba tokha n'kuwotcha, mmisiri anamanga mpaka pamwamba, zipinda zitatu ndi pabalaza. Simenti tinalibe, choncho njerwazo anamangira dothi, monga ankachitira anthu ambiri a ndalama zochepa. Mmisiriyo anatichenjeza tsiku lomwe anatsika pakhoma. Anati khoma la dothi limafuna chipewa, mukalisiya pamvula lidzakukhalirani pansi. Mitengo ya bulugama ya denga tinali titagula kale. Chotsala chinali malata makumi anayi basi.

Chaka cha chisankho choyamba cha matipate, fakitale ija inachepetsa anthu, ndipo amuna anga anali m'gulu la ochotsedwa. Anawapatsa ndalama zawo zonse pakamodzi. Anabwera nazo mu envulopu yakhaki atayibisa m'kati mwa shati, n'kukhoma chitseko masana dzuwa likuswa mtengo. Tinawerenga pamphasa. Malinga ndi mtengo umene tinkaudziwa, zinali zokwana malata onse makumi anayi ndi misomali yake. Ntchito inali itatha, komabe tsiku limenelo ndinavina ndekha m'nyumba.

M'mawa mwake anapita ku Limbe, kusitolo ya zomangira nyumba. Ndinauza mnzanga kuti andionere nyemba, ine n'kukhala pakhomo kudikira kuti anditume ndikafune galimoto. Anabwera chimanjamanja, nkhope ili gwa.

"Malata ali kuti, bambo?" ndinafunsa.

"Akuba anthu aja. Akweza mtengo. Ndalamazi akuti zikwana malata sate foro."

"Ndiye bwanji osagula sate foro omwewo? Otsalawo tidzaonjezera."

"Mayi, ine mtengo wa lata ndimaudziwa. Sindingalole munthu kundibera ndikuona. Akupezerapo mwayi poti boma latanganidwa ndi kampeni. Chisankho chikangotha muona, mitengo ibwerera."

Pamenepa ndiwaikire kumbuyo pang'ono, ngakhale anandipsetsa mtima. Ife tinakulira nthawi imene zinthu zambiri zinali ndi mtengo woikidwa ndi boma, ndipo wasitolo akakweza yekha ankatha kuona zakuda. Zinthu zinkakwera ndithu, koma osati mochita kukuthawa uli chiimire. Ndiye kwa amuna anga, lata linali ndi mtengo wake weniweni, ndipo china chilichonse choposa pamenepo chinali dyera la wamalonda, loti akuluakulu akalimva alithetsa. Pawailesi anali atalengeza kuti kwacha aisiya iziyenda yokha, mphamvu yake izidalira msika. Tinamva tonse, koma ndani wa ife ankadziwa kuti mawu amenewo akunena za denga lathu?

Ndalama zija anaziika m'chitini cha mkaka waufa, chitinicho m'sutikesi, sutikesiyo pansi pa bedi, kiyi m'thumba la buluku. Anaziteteza kwa aliyense amene ankamuganizira. Kuopa makoswe, chitini chinali chachitsulo. Kuopa chinyezi, anakulunga ndalamazo m'pepala la pulasitiki. Kuopa achibale, anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale mayi anga ondibala. Lamlungu lililonse tikabwera kutchalitchi ankatuma ana kukasewera, n'kutsegula chitini, kuwerenga, kenako n'kunena mawu omwewo: "Zonse zilipo."

Chisankho chinachitika, anthu anavina m'misewu, boma linasintha. Amuna anga anadikira kuti atsopanowo akhazikike pamipando, kenako anavala jekete n'kupitanso ku Limbe. Anabwerako ali ndi ukali woposa poyamba. Tsopano ndalama zija zinkakwana malata makumi awiri ndi asanu ndi atatu.

Ine zimenezi sizinandidabwitse, chifukwa kumsika zinali zitandiluma kale. Tsiku lina ndinagulitsa thumba lonse la nyemba, mbale ndi mbale, n'kuona kuti ndapeza phindu labwino. Ndinasunga ndalamazo kwa kanthawi poti mwana ankadwala. Nditapita kukapikula thumba lina kwa anthu obwera nazo kuchokera ku Mulanje, ndalama yonse, mpamba ndi phindu lomwe, sinakwane thumba limodzi. Kuyambira tsiku limenelo, ife amumsika tinaphunzira kuti ndalama sigona m'nyumba. Ukagulitsa lero, pikula lero lomwe. Nyemba zikakhala m'thumba zimakwera limodzi ndi mitengo, koma ndalama ikakhala pachitenje imangokhala yomweyo pamene zinthu zikuithawa.

Ndinawafotokozera zimenezi amuna anga, poyamba mwaulemu.

"Bambo, tiyeni tigule malata amene angakwanewo. Tiwaimike kuseri kwa bedi. Lata silivunda."

"Malata atsopano m'nyumba ya lendi, ku Ndirande kuno? Mukufuna atithyolere chitseko? Ndalama imabisika, lata silibisika."

"Ndiye tikafolere mbali imodzi."

"Nyumba yanga sindifolera zigamba ngati buluku la mlonda. Ndidzagula onse tsiku limodzi, geji imodzi, okhuthala mofanana. Malata si nyemba, mayi."

Eee, mawu amenewo! Nyemba zomwezo ndi zimene zinkalipira lendi ndi kudyetsa ana, iwo akuyendayenda kufuna maganyu okonza makina. Ndinawayankha zimene sindingalembe pano, ndipo aneba anamva. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndimadziwa. Koma munthu ukamaona chinthu chikusungunuka m'manja mwa mnzako, iye n'kumati chilipo, ungakhale chete bwanji?

Mvula ya chaka chimenecho inali yochepa. Anthu ankalira njala, chimanga chinakwera, koma ife makoma athu anapulumuka. Tinaphimba pamwamba pake ndi mapulasitiki n'kupsinja ndi njerwa. Amuna anga anati mwaona, Mulungu akutidikira. Ine ndinati Mulungu angatidikire, koma wasitolo satidikira.

Nditaona kuti mawu anga sakulowa, ndinaphwanya lumbiro lija, ndipo sindinong'oneza bondo. Ndinapita ku Chitawira kwa alamu anga, mlongo wawo wa amuna angawo, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki m'boma. Ndinawauza zonse. Anagwira kukamwa. Loweruka lotsatira anabwera kwathu, n'kukhala pampando wathu umodzi wokhawo wabwino.

"Achimwene," anatero, "ndamva kuti mukuweta ndalama pansi pa bedi. Zaswana zingati?"

Amuna anga anandiyang'ana diso loti tionana. Kenako anati, "Sizinaswane, koma sizinachepe. Olo tambala imodzi."

"Zachepa, achimwene. Mapepala ndi omwewo, koma mphamvu yake yapita. Ndalama si pepala, ndi chimene pepalalo lingakugulireni. Bwanji osakaika kubanki kuti zizipezako chiwongoladzanja? Masiku ano akupereka chochuluka, makamaka mukazitsekera miyezi ingapo osatapa."

"Ndiye inu zanu zili kumeneko, mwalemera?"

Alamu anaseka, koma kuseka kopanda chimwemwe. Anati ayi, iwonso akuluza. Anatifotokozera mwachifatse, ndipo ndimakumbukirabe chifukwa kanali koyamba kumva munthu akunena bwinobwino chinthu chimene ine ndinkangochimva m'thupi. Anati tiyerekeze muli ndi handiredi kwacha, ndipo lero ikugula chinthu chimodzi. Mwaika kubanki, chaka chatha, akuonjezerani sate, muli ndi handiredi sate. Mukusangalala kuti ndalama yakula. Koma ngati chinthu chija chafika pa handiredi eyite, ndiye kuti simungachigulenso, ngakhale ndalama yanu yachuluka. Chiwongoladzanja chimakupindulitsani pokhapokha chikamathamanga kuposa mitengo. Chikatsalira m'mbuyo, mukuluza ndithu, kungoti pang'ono.

"Mwamva?" anatero amuna anga, akundiyang'ana ine. "Akuvomera okha kuti kubanki akuluza."

"Ndikuluza, inde," anatero alamu. "Koma ine ndili ndi handiredi sate, inu muli ndi handiredi yomwe ija. Chitini sichipereka kanthu, achimwene. Ine madzi andifika m'chiuno, inu akufikani m'khosi. Ndipo kunena zoona, inuyo simukufunika ngakhale banki. Mukudziwa kale chimene mukufuna kugula. Kagulenitu mawa."

Ine ndimvekere lero zatheka. Koma amuna anga anati, "Nanga ndikatsekera kubanki, mitengo n'kutsika mwadzidzidzi, ndidzatani? Nanga ndikagula mawa, mkuja n'kutsika? Ndidzakhala chitsiru cha Ndirande yonse."

"Mitengo siitsika," anatero alamu. "Ikakoma mtima idzangoyamba kukwera pang'onopang'ono. Koma kubwerera pomwe inali, iwalani. Malatawa zipangizo zake zimachokera kunja, amagula ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha yathu yagwa. Wasitoloyo akakugulitsani pamtengo wakale, iye akaodanso ndi chiyani?"

Amuna anga anawaperekeza mlongo wawo mpaka pokwerera minibasi, mwaulemu wonse. Atabwerako sanandilankhule mpaka Lamlungu, pamene anatsegula chitini chija n'kunena, osandiyang'ana, kuti zonse zilipo.

Tsopano ndikaganiza, ndimaona kuti pofika nthawi imeneyo nkhani sinalinso ya mtengo. Akanagula malata makumi awiri, ndiye kuti avomera kuti ena makumi awiri anawataya okha. Ndalama zikadali m'chitini, m'mutu mwawo zinali zikadali malata makumi anayi. Munthu uja anagwira ntchito zaka zambiri pamakina aphokoso mpaka khutu limodzi linagontha, ndipo zonse zimene anatuluka nazo zinali m'chitinimo. Kuvomera kuti zachepa kunali ngati kuvomera kuti zaka zakezo zachepa. Izi ndikuziona lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona munthu wouma mutu, ndipo ndinkafuna kumuswa ndi chitini chomwecho.

Chaka chotsatiracho ndiye zinthu zinapenga. Sopo, shuga, mafuta a nyale, minibasi, chilichonse. Unkapita kugolosale ndi ndalama ya buledi n'kubwerako ndi theka. Alandilodi anakweza lendi, n'kukwezanso, ndipo sindinawade chifukwa nawonso ankagula kumsika womwewo. Ana anayamba kumwa tiyi wopanda mkaka, kenako phala lopanda shuga. Pansi pa bedi pali ndalama, ife tikugona ndi njala pamwamba pake. Sindinapemphe kuti titapeko, chifukwa nanenso ndinkafuna denga. Chimene chinkandiwawa n'chakuti tinkazivutikira kuzisunga pamene izo zikutha zokha.

Amuna anga anapitabe ku Limbe, koma anasiya kundiuza zimene apeza. Ndinkangoonera mmene akhalira pakhonde, chipewa chili pabondo. Nthawi ina anayesa kufunsa za ngongole kubanki kuti aonjezere pa zimene zinali m'chitini. Anabwerako akupukusa mutu. Chiwongoladzanja cha wobwereka chinali chokwera kwambiri kuposa cha wosunga, ndipo munthu wopanda ntchito, wopanda chikole, sanamuyang'ane n'komwe. Za katapila ndinawauza kuti akangoyerekeza, ine ndinyamula ana.

Kenako mvula inabwera, ndipo chaka chimenecho inabwera yeniyeni. Inagwa usana ndi usiku, mitsinje ya Ndirande inadzaza, zinyalala zonse za kumtunda zinatsikira m'makomo mwathu. Alimi ankasangalala. Ine ndikamva ikugunda padenga la eni ake, ndinkangoganiza za makoma athu a ku Machinjiri. Mapulasitiki aja dzuwa linali litawadya kale, mphepo n'kuwang'amba.

Tsiku lina m'mawa ndili pabenchi langa kumsika, kunabwera mayi wina amene anamanga moyandikana nafe ku Machinjiri. Sanandipatse n'komwe moni wokwanira.

"Amayi, pitani mukaone nyumba yanu."

Ndinasiya nyemba zili pomwepo. Ndinawapeza amuna anga kunyumba, tinakwera minibasi. Titafika tinapeza khoma la kutsogolo, lapabalaza, lagwa lonse kuyambira pamwamba mpaka pawindo, ndipo pogwapo linakoka khoma la chipinda chimodzi. Dothi la pakati pa njerwa linali litasanduka phala. Njerwa zimene ndinasenza pamutu ndili ndi pakati zinali mbwee m'matope.

Ndinali nditakonza mawu. Mayo ine, ndinali nawo ambiri, ndinawasunga miyezi yonse ija! Koma nditacheuka ndinawaona amuna anga atagwada, akutola njerwa imodziimodzi, kuipukuta ndi dzanja, n'kuisanja pambali bwinobwino monga ankachitira ndi nsapato zawo. Mvula ikuwagwera pamsana. Ndinagwada nanenso n'kuyamba kutola.

M'mawa mwake anatulutsa sutikesi ine ndikuona. Anati, "Mayi, tiyeni mundiperekeze." Kanali koyamba kundipempha kuti tipite limodzi ku Limbe. M'sitolo muja sanakangane ndi munthu. Anaika ndalama pakauntala n'kufunsa kuti zikwana angati. Mnyamata wogulitsa anawerenga, n'kunena kuti malata khumi ndi anayi, ndipo misomali tionjezere ndalama ina. Poziika m'kabati anati, "Koma ndiye mumasamala ndalama, bambo. Zili ngati zatuluka kubanki lero." Iye ankayamikira ndithu. Amuna anga anangoti zikomo.

Pobwerera, tili kumbuyo kwa kagalimoto ka hayala titagwirizira malatawo, anandifunsa osandiyang'ana kuti, kodi zikanakhala kubanki zikanagula angati? Ndinati alamu anawerengera kuti mwina makumi awiri ndi kanthu. Anagwedeza mutu. Sanafunse za tsiku loyamba lija la malata sate foro, ndipo ine sindinalitchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Malata khumi ndi anayi anafolera zipinda ziwiri za kumbuyo zimene zinatsala zili chiimire. Misomali ndinagula ndi ndalama ya nyemba. Tinasamuka mvula isanathe, kuthawa lendi, n'kulowa m'zipinda ziwiri, monga momwe tinkakhalira ku Ndirande. Khoma lapabalaza analimanganso okha pang'onopang'ono nthawi ya chilimwe, ndipo pamwamba pake anapakapo kasimenti kuti madzi asalowe. Koma denga panalibe. Ana ankati ndi pabalaza pa nyenyezi. Ine ndinkayanikapo zovala ndi nyemba.

Patapita nthawi mitengo inayamba kukwera pang'onopang'ono, monga ananenera alamu, ndipo alamuwo anati tsopano chiwongoladzanja chayamba kupitirira mitengo, wosunga kubanki akupezako kenakake. Koma ife tinalibenso choti n'kusunga. Ndipo lata silinabwerere pamtengo umene amuna anga ankaudziwa, olo tsiku limodzi. Iwo anasintha. Akapeza kaganyu, ndalama sinkalowa n'komwe m'nyumba. Ankapita nayo ku Limbe n'kubwera ndi lata limodzi pamutu, kuchokera pamsewu mpaka kuphiri kwathu, anthu akuwaseka. Ankaliimika kuseri kwa bedi. Mageji anali osiyanasiyana, ndipo sanadandaule. Kwacha itagwanso patapita zaka zingapo, anangoti, "Awa ndiye sawakhudza," akugogoda malatawo ndi chala.

Malatawo anali atafika asanu ndi awiri pamene amuna anga anayamba kudwala. Chifuwa, kuonda, kuchipatala, kubwerako, kupitanso. Awiri ndinagulitsa kuti ndipeze ya mankhwala ndi ya galimoto, ndipo ndinawagulitsa pamtengo woposa umene anagulira. Nditawauza, anamwetulira ali gone, n'kunena kuti, "Mwaona, mayi, malata ndi nyemba ndithu." Ndinatuluka panja kuti asandione ndikulira.

Anamwalira mwezi wa mvula. Mwambo wathu ndi woti thupi ligone pabalaza, amayi atalizungulira, kuti munthu atsazike nyumba yake. M'zipinda zathu ziwiri bokosi silikanatha kukhota pakhomo. Amuna a kumpingo anabwereka lona kwa munthu wina wa lole, n'kulikoka pamwamba pa makoma aja. Linali lalifupi, ndipo pakati linali lobooka. Wina anakumbukira malata asanu a kuseri kwa bedi, anawatulutsa, n'kuwayala pamitengo ya denga ija mbali imene kunali bokosi, n'kuwapsinja ndi miyala poti nthawi yokhoma misomali panalibe.

Mvula inayamba nyimbo zili m'kati. Amayi a mbali ya lona ananyowa, ena anafunda zitenje kumutu, koma sanasiye kuimba. Ine ndinali pafupi ndi mutu wa bokosi, pansi pa malata aja, ndipo ndinamva mvula ikugunda pamwamba panga. Zaka zonse zija amuna anga ankafuna kudzamva phokoso limenelo atakhala pabalaza pawo. Madzi anayamba kudontha pampata wa malata awiri, molunjika pabokosi. Alamu anadzuka kukafuna choikapo, n'kubwera ndi chitini cha mkaka chija, chimene tsopano tinkasungiramo mchere. Anakhuthulira mcherewo m'mbale n'kundipatsa chitinicho, ndipo ndinachigwira pamwamba pa bokosi mpaka mvula inakata.